Pensulo Yachikasu ya Alamu Anga

"Yasila nchito, ba mulamu. Sainani chabe, motoka ilindila pansi."

Anatero alamu anga, amuna a alongo anga aakulu, ataponya mpukutu wa mapulani pa tebulo langa mpaka tiyi kukhavukira m'mbale. Akuti ntchito yatha. Sanakhale n'komwe pansi. Anangoima atapisa manja m'thumba, maso ali pa wotchi ya pakhoma, kuti ndione bwinobwino kuti ndikuwachedwetsa.

Zinali m'zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkachita kuimira mzere. Tonse awiri tinali pa kampani ina ya mainjiniya, m'chipinda cham'mwamba kuseri kwa msewu wa Cairo Road mu likulu la dziko lathu, momwe munkanunkha amoniya wa makina osindikiza mapulani chaka chathunthu. Iwo ndiwo anawerengetsa ndi kujambula mapulani a zitsulo za m'konkire za kachipatala kena ka ku Chelstone. Ine ndinapatsidwa kuunika ntchitoyo. Sindinapemphe ayi, inangondigwera chifukwa mlungu umenewo tebulo langa linali lopepuka.

Pa ofesi yathu panali mwambo wa mapensulo atatu, ndipo aliyense ankauphunzira asanadziwe ngakhale kumene kuli chimbudzi. Wojambula akamaliza, ankasindikiza kope limodzi n'kupereka kwa wounika. Wounika ankalemba ndi pensulo yofiira paliponse pamene wakayikira kapena wapeza cholakwa. Kopelo likabwerera, wojambula ankapala inki ndi lezala pa pepala lenileni loonekera lija, n'kukonza, ndipo akakonza chinthu chimodzi ankapaka chikasu pa ndemanga yofiirayo. Chikasu chinkatanthauza chinthu chimodzi chokha: ichi ndakonza. Ngati sakugwirizana ndi wounika, sankapaka, koma ankalemba chifukwa chake pambali, awiriwo n'kukambirana, zikakanika n'kupita kwa injiniya wamkulu. Pomaliza wounika ankaika kope lakale pambali pa latsopano, n'kuchonga ndi pensulo yobiriwira chilichonse chimene waona ndi maso ake kuti chasinthadi. Akatero m'pamene ankasayina m'kabokosi ka wounika, pakona ya pulani. Popanda siginecha imeneyo pulani sinkatuluka pakhomo.

Chimene chinalemetsa mapulani amenewa si chipatalacho. Mzungu amene ankatsogolera gawo lathu anali kumanga katundu kubwerera kwawo, ndipo mpando wake unali kufuna munthu. Aliyense ankadziwa kuti injiniya wamkulu maso ake ali pa alamu anga, ndi kuti ntchito ya ku Chelstone ndiyo mayeso awo. Mpandowo unkabwera ndi nyumba ya kampani ku Woodlands. Nthawi imeneyo alongo anga ankakhala ndi ana atatu m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya munthu ku Makeni, madzi otunga pa mpopi wa eni ake, ndipo nkhani ya Woodlands inali pakamwa pawo tsiku lililonse. Ine ndinkafuna kuti apite ku Woodlands. Ndikunena izi poyera, chifukwa pambuyo pake anthu anandinenera zina.

"Ndipatseni kope lofiira lija," ndinatero.

"Lili momwemo. Vonse ni yelo, onani mweka."

Ndinatambasula. Zoonadi, pepala lonse linali chikasu chokhachokha, palibe ndemanga yotsala poyera. Akanakhala wina akanangoyang'ana chikasucho n'kusayina. Ine ndinatenga yobiriwira n'kuyamba kumtunda kumanzere, monga ndinkachitira kwa aliyense. Alamu anapuma mpweya waukulu kuti anyamata onse a m'matebulo ojambulira amve.

"Imwe odya mbeba, muziba chabe kukumba-kumba," anatero akuseka.

Iwo kwawo kunali ku Luapula, ife ku Katete, ndipo chimbuya choterechi, kunyozana mwanthabwala pakati pa mitundu yathu iwiri, chinali cha masiku onse. Tsiku lina ndikanawabwezera kuti kwawo amadya anyani, tonse n'kuseka. Koma tsiku limenelo pensulo yanga inali itaima kale pa ndemanga imene inapakidwa chikasu koma pa kope latsopano palibe chimene chasintha.

Zambiri anakonzadi, ndipo anakonza mwaukhondo, pakuti dzanja anali nalo. Zotsala zinali zitatu. Choyamba, pa maziko ndinapempha kuti alembe kuti konkire yophimba zitsulo ikhale yochindikala bwanji, ndipo sanalembe. Chachiwiri, ndinalemba kuti konkire ya popumira pakati pa masitepe ndi yopyapyala, aichindikalitse, ndipo inali momwe inalili. Chachitatu chinali pa kadenga ka konkire kotulukira kunja pakhomo lolowera odwala, kopanda nsanamira. Kadenga kotere kamagwiridwa ndi zitsulo zam'mwamba zimene zimalowa m'kati mwa denga lalikulu, ndipo ndinalemba kuti zitsulozo zalowa pang'ono, azitalikitse. Pa chojambula anatalikitsa. Koma pa mndandanda wa zitsulo, umene umanena kutalika ndi mapindidwe a chitsulo chilichonse, nambala inali yakale yomwe ija. Odula zitsulo sayang'ana chojambula, amayang'ana mndandanda. Ndipo masiku amenewo chitsulo chinali chosowa. Kontilakitala anali atachipeza movutikira, n'chifukwa chake dalaivala wake anali pansi kudikira mapulani kuti mawa ayambe kudula.

Ndinawakodola kuti awerame, ndipo ndinalankhula motsitsa mawu.

"Alamu, zitatu izi mwapaka koma simunakonze. Cha maziko ndi mzere umodzi wa mawu. Cha mndandanda ndi nambala imodzi, ndi kuwerengetsanso kulemera kwake. Cha masitepe, ngati mukuona kuti ndalakwa ndine, lembani chifukwa pambalipa, tione masamu anu. Dzuwa lisanapendeke zikhala zatha, ndisayina."

"Masitepe yali bwino. Nawelengetsa kabili."

"Lembani choncho."

"Nilembele ndani? Imwe?"

"Mulembere pepalali."

Anaongoka. Anati makope onse opita kwa kontilakitala asindikiza kale, pepala la makina latsala pang'ono, ndipo kupala tsopano ndiye kuti kusindikizanso zonse. Anati m'mawa anali atamuuza kale injiniya wamkulu kuti ntchito yatha, ndiye abwerere akanene chiyani? Za mndandanda anati adzamuuza foromani pakamwa akapita ku Chelstone. Pakamwa. Munthu wophunzira, wodziwa kuti foromani wa lero mawa ali ku maliro ndipo macheka agwira wina.

"Ndiye munasindikiza bwanji ndisanachonge?" ndinafunsa.

"Chifukwa nenze kuziba kuti wounika ni mulamu wanga."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kuposa chikasu chija. Ndiye kuti chiyambire anandiwerengera ngati chidindo cha m'thumba mwawo. Ine mtima wanga ndi wapachala, amayi ankanena, ndipo sindinayese n'komwe kuubweza.

"Chikasu ichi ndi bodza," ndinatero, tsopano mokweza. "Dzina langa silikhala pansi pa bodza, kaya bodzalo ndi la mlamu kaya ndi la m'busa."

Anyamata anaweramira pa matebulo awo ngati akujambula, koma mapeni sankayenda. Alamu anakulunga makope atsopano aja, n'kusiya lofiira pa tebulo langa.

"Nsanje izakupayani," anatero. "Mufuna mupando uja, tiziba."

Anatuluka kulunjika ku ofesi ya injiniya wamkulu. Mpando uja sindinkaufuna, ndipo sindikanaupeza, popeza mapepala anga a sukulu anali ochepera pa awo. Ndinatsika kukamuuza dalaivala kuti mapulani satuluka lero, asamawotche nthawi. Anandiyang'ana moipa, n'kuliza galimoto.

Sipanapite nthawi, anandiitanitsa. Injiniya wamkulu anali bambo wachikulire wa ku Mongu, wosalankhulalankhula, amene ankavula magalasi akafuna kukuyang'ana bwino. Alamu anali atakhala pa mpando, mwendo pa unzake. Zimene ananena ndisanalowe ndinazidziwira pa funso loyamba.

"Ndamva kuti mukukana kusayina ntchito yomalizidwa, pa zifukwa za kunyumba."

"Bwana, zifukwa zake ndi izi," ndinatero, n'kutambasula makope awiriwo pa tebulo, lofiira ndi latsopano.

Sanafunsenso za kunyumba. Anavala magalasi, anatenga pensulo yake, n'kuyamba ndi masitepe. Anapempha masamu a alamu, n'kuwatsata mzere ndi mzere. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Apa walakwa ndiwe. Watenga popumira ngati pagwiridwa mbali ziwiri. Pali khoma lachitatu ili, ndipo zitsulo zake zilipo. Kuchindikala kwake n'kokwanira."

Ndinayang'ana, ndipo zinali zoona. Khomalo linali pa pulani ina imene sindinaitsegule. Manyazi anandigwira, koma mwambo unali ndi njira yake: ndinadula mzere pa ndemanga yangayo, n'kulemba pambali kuti ndaibweza, n'kusayina. Alamu anaseka chapansipansi n'kugwedeza phazi.

"Mwaona, bwana? Ni vamene nenze kukamba."

Injiniya wamkulu anapitiriza kuunika. Anapita pa maziko, anaona kuti mawu aja palibe, anangoika kadontho. Atafika pa kadenga anakhalitsa. Chala chimodzi chinali pa chojambula, china pa mndandanda, ndipo maso ankapita uku ndi uku.

"Zitsulo izi zikanadulidwa liti?"

"Mailo," anatero alamu, kutanthauza mawa, mawu atatsika. "Koma nenze kuzauza folomani."

"Zikanadulidwa zazifupi. Tikanazipeza kuti zina?" Anavula magalasi. "Kuiwala nambala, tonse timaiwala, n'chifukwa chake pali wounika. Kutsutsana ndi wounika, n'kwabwino, ndipo pa masitepe mwapambana. Koma ndiuzeni, anapaka chikasu pa zitatuzi ndani?"

"Ndine."

"Mutakonza?"

Alamu anatsitsa mwendo uja pansi.

"Ndipo m'mawa munandiuza kuti yatha. Ndiye mukadzakhala pa mpando, anyamata akamakubweretserani chikasu chotere, mudzawauza chiyani?"

Analamula kuti makope onse osindikizidwa aja ang'ambidwe pomwepo, kuti lina lisasochere n'kukafika ku Chelstone. Alamu anang'amba okha, pamaso pathu. Anauzidwa kuti akonze ziwirizo, alembe yankho la masitepe pambali pa ndemanga yanga ngakhale ndinali nditaibweza, abweretsenso kwa ine. Tikutuluka m'khonde anandidutsa osandiyang'ana, n'kunena mawu amodzi m'Chibemba amene sindingawalembe pano.

Kukonzako kunali kwa kanthawi kochepa, monga ndinanenera. Anatumiza mapulani kudzera mwa mnzathu wa tebulo loyandikana, iwo osabwera. Ndinachonga ziwirizo ndi yobiriwira, ndinawerengetsanso mndandanda wonse, n'kusayina. M'mawa mwake mapulani anapita ku Chelstone, ndipo ndikumva kuti kadengako kalipobe mpaka lero.

Kutha kwa mweziwo tinamva kuti mpando wapatsidwa kwa munthu wochokera ku Ndola, amene panalibe womudziwa. Alamu anauzidwa kuti adikire, adzaganiziridwa mtsogolo. Kuyambira pamenepo ofesi inagawikana. Ena ankati ndinachita bwino koma ankanenera kumbali, kuti asamveke. Ena ankati munthu wanji wogwetsa mwamuna wa mlongo wake chifukwa cha nambala imodzi. Tiyi ndinkamwera pa tebulo langa. Alamu akafuna rula imene ili pafupi nane, ankatuma wina.

Lamulungu lotsatira, titaweruka ku tchalitchi, alongo anga anafika kwathu ku Kabwata. Anabwera okha, atavalabe chitenje cha chigwirizano cha amayi, fumbi lili mbuu kumapazi. Mkazi wanga anawalonjera n'kutulutsa mpando, koma anakana kukhala. Anakananso madzi. Alongo angawa ndiwo anandilera amayi atamwalira, anasiya sukulu kuti ine ndipitirize, ndipo pa moyo wanga wonse sindinawaonepo akukana madzi pakhomo panga.

"Iwe, tandiuza ndimve," anatero. "Chimene chinalakwika pa mapepala aja chinali chachikulu bwanji?"

Ndinayesa kufotokoza za kadenga, za zitsulo zam'mwamba, za mndandanda. Anandidula.

"Ndikufunsa kukonza kwake. Kunali kwakukulu bwanji?"

"Nambala imodzi ndi mzere umodzi."

"Iweyo ukanatha kukonza?"

"Kutha ndikanatha, alongo, koma wounika sagwira pulani ya mnzake. Ndikakonza ine, aunika zanga ndani? Ndipo ndinawapempha mwakachetechete kuti akonze okha. Anakana. Kwa bwana anapita ndi iwo, si ine."

"Lezala unali nalo?"

"Ndinali nalo."

"Inki unali nayo?"

"Alongo, nkhani si imeneyo. Anapaka chikasu pa zinthu zimene sanakonze. Ananama."

"Ananama, inde. Ukuyesa sindimudziwa mwamuna wanga? Ndimagona naye nyumba imodzi, kunyada kwake ndimakudziwa kuposa iwe." Mawu awo sanakwere. "Sindinabwere kudzamuikira kumbuyo. Ndabwera kudzafunsa za ine. Pamene unkakuwa pamaso pa anthu kuti bodza, bodza, unandikumbukirako ine? Unawakumbukira ana aja, akugona pansi pa tebulo?"

Ndinawakumbukira, ndipo ndinawauza choncho. Ndinawauzanso kuti pansi pa kadenga kaja padzaima azimayi obereka ana kumbuyo, kudikira jakisoni, ndipo pakona ya pulaniyo pali dzina langa. Mkwiyo unandibwereranso. Ndinati ngati amuna awo akanakhala ndi kudzichepetsa kwa theka la ola, bwenzi lero akupachika makatani ku Woodlands, ndiye mlandu asautule pa ine. Ndinati nditapatsidwanso pepala lomwelo mawa, sindingasayinebe. Mpaka pano sindinasinthe maganizo pa zimenezo.



Alongo anati, "Ulibe cholakwa, eti. Chabwino. Ine ndinkakuchapira zofunda zimene wakodzera uli mnyamata wamkulu ndithu, m'mamawa anthu asanadzuke, kuti anzako asakuseke. Panalibe lamulo londiuza kutero. Ndinangoona kuti ndiwe wanga."

Mkazi wanga analowa m'nyumba mwakachetechete. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zikundipwetekabe, chifukwa zimene ananenazo zinali zoona, ndipo zanganso zinali zoona.

"Amuna anga alemba kale kalata yosiya ntchito," anapitiriza. "Apeza malo ku migodi, tikupita ku Kitwe. Ndipo popeza iwe ndiwe unali nkhoswe ya ukwati wathu, ndabwera kudzakuuza pamaso, usamve kwa anthu. Unkhoswe wako wathera pano. Ndatuma mawu kwa mwana wa amalume ku Katete, nkhani zanga azimva ndi iyeyo."

"Alongo, ukwati ndi ofesi zikugwirizana pati?"

"Funso limenelo ukanadzifunsa tsiku lija."

Anakonza chitenje m'chiuno n'kutembenuka. Ndinatenga jekete kuti ndiwaperekeze kokwerera basi, monga ndinkachitira nthawi zonse. Atafika pa geti anaima osacheuka.

"Usandiperekeze."

Ndinaima pamenepo jekete lili m'manja, ndikuwaona akutsika ndi msewu wa fumbi mpaka anakhota pa mpopi. Mwana wawo wamkazi woyamba anakwatiwa ku Kitwe patapita zaka, ndipo ine malume wake ndinamva za ukwatiwo kwa mayi wina wa ku tchalitchi, utachitika kale.